Pampu ya dizilo kapena ya sola: lipoti la mmene tinawerengera mtengo wa zaka 15 pa munda wa mahekitala awiri

Kumayambiriro kwa 2024, gulu la alimi 20 olima m'mbali mwa mtsinje wa Bua linandipempha kuti ndiwathandize kusankha pampu. Ali ndi munda wa mahekitala awiri womwe anagawana mofanana, ndipo m'chilimwe amalima chimanga chachiwisi, tomato ndi anyezi. Kwa zaka zingapo ankathirira ndi makeni komanso mapampu opalasa, koma mtsinje ukaphwera mu Okutobala theka la mundawo linkangokhala. Tsiku lomwe ndinafika anali atatenga kale makotesheni awiri. Ina inali ya pampu ya dizilo ya K1.8 miliyoni, ina ya pampu ya sola ya K13 miliyoni pamodzi ndi kuyika komwe. A tcheya anandipatsa mapepala awiriwo n'kunena kuti, "A injiniya, ife taona kale yotchipa. Inu mungotiuza ngati injiniyi ili yolimba."

Ndinawapempha kuti asagule kanthu kwa milungu iwiri. Kotesheni imangonena ndalama za tsiku logula, pomwe pampu imadya ndalama kuyambira poyeza malo, nthawi yonse imene ikugwira ntchito, mpaka tsiku lomwe yasanduka chitsulo chakutha. Ntchito yanga inali kuika zonsezo papepala limodzi, pa mapampu onse awiri, kwa zaka zofanana, akupereka madzi ofanana.

Kuyeza madzi ndi mtunda

Sitingafananize makina awiri tisanagwirizane ntchito imene onse ayenera kugwira. Pa nyengo yotentha mbewu zamasamba ndi chimanga zimamwa madzi pafupifupi mamilimita 5 patsiku, omwe pa hekitala imodzi ndi malita 50,000. Koma alimiwa amathirira m'mizere, ndipo mwanjira imeneyi madzi ambiri amalowerera kapena kusefukira mbewu isanawamwe. Ndinawerengera kuti pa malita 10 alionse, 6 okha ndiwo amagwira ntchito. Choncho munda wonse unkafuna malita opitirira pang'ono 160,000 patsiku, ndipo tinagwirizana kuti azipopedwa m'maola 6, kutanthauza malita 7 ndi theka pa sekondi.

Kenako tinayeza chitunda. Tinagwiritsa ntchito paipi yoonekera mkati yodzaza madzi, tikusuntha pang'onopang'ono kuchoka pa madzi a mumtsinje kukafika pamwamba pa munda. Tinapeza mamita 14 kukwera, pa mtunda wa mamita 200. Ntchito yoyezayi, kujambula mapu ndi kuwerengera, zonse pamodzi zinadya K400,000, ndipo ndinaziika m'mawerengero a mapampu onse awiri.

Apa m'pamene panatulukira nkhani yomwe palibe ankaiganizira. Wogulitsa pampu ya dizilo analemba mapaipi a mamilimita 63 pa mtengo wa K1.3 miliyoni. A mamilimita 90 anali K2.4 miliyoni, ndiye aliyense anaona kuti aang'onowo ndiwo abwino. Koma madzi akamathamanga m'paipi amakhuzana ndi khoma la paipiyo, ndipo paipi ikachepa kukhuzanako kumakula modabwitsa. Pa malita 7 ndi theka pa sekondi, paipi ya 63 yotalika mamita 200 imalemetsa pampu ngati kuti mwawonjezera chitunda cha mamita 26. Ya 90 imangowonjezera mamita 4. Ndiye pampu yomwe imayenera kukankha madzi mamita 18 ikanakhala ikukankha mamita 40. Kuti itulutse madzi omwewo m'maola omwewo ikanafuna dizilo wokwana malita 13 patsiku m'malo mwa 6, ndiponso injini yokulirapo.

Vuto limeneli silioneka ndi maso chifukwa injini imalira bwinobwino. Chimene mlimi amaona n'choti madzi kumtunda akutuluka mofooka, ntchito ya m'mawa ikufika madzulo, ndipo chigubu chikutha msanga. Ambiri amadzudzula pampu, ena amakagula ina. Njira yophweka yodziwira ndiyo kuika mgolo wa malita 200 kumapeto kwa paipi n'kuwerenga masekondi. Pa munda uwu uyenera kudzaza m'masekondi osapitirira 30. Ukatenga 50 injini ili bwino, yang'anani paipi.

Kusiyana kwa malita 7 patsiku, pa masiku 150 pachaka, ndi malita 1,050. Pa mtengo wa dizilo wa nthawiyo, K2,734 pa lita, ndi ndalama pafupifupi K2.9 miliyoni chaka chilichonse. Alimiwa akanataya ndalama zimenezi pofuna kupulumutsa K1.1 miliyoni kamodzi kokha. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa ndaona minda yambiri komwe mapaipi aang'ono anakwiriridwa kale ndipo eni ake sadziwa chimene chikuwadyera phindu. Kuyambira pamenepo tinaika mapaipi a 90 pa mapampu onse awiri.

Kwacha ya lero ndi kwacha ya mtsogolo

Ndinasankha zaka 15. Mapanelo a sola amakhala kupitirira pamenepo, opanga ambiri amalonjeza zaka 25, koma gulu la alimi silingalonjeze kuti lidzakhala pa malo omwewo nthawi yaitali chotero. Zaka 15 zimakwananso bwino ndi injini zitatu za dizilo, iliyonse zaka zisanu.

Chovuta kufotokoza chinali choti K1 miliyoni yolipira chaka cha 10 siilemera ngati K1 miliyoni yolipira lero. Amayi amene amasunga chuma cha gululo ndi amene anandithandiza. Anati, "Ngati ku banki m'khonde eti, bambo? Ndalama ukakhala nayo lero imaswa, ndiye ngongole ya chaka chamawa ndiyopepukirako." N'chimodzimodzi. Ndalama iliyonse ya mtsogolo timaichepetsa kuti tione kulemera kwake lero. Ndinagwiritsa ntchito 10 peresenti pachaka. Pamlingo umenewu, ndalama yolipira chaka chachisanu timaiwerenga 62 tambala pa kwacha iliyonse, ya chaka cha 10 timaiwerenga 39 tambala, ndipo ndalama yobwerezabwereza chaka ndi chaka kwa zaka 15 timaichulukitsa ndi 7.6 osati 15. Pa kompyuta, mu Excel, ndalama zoyendetsera pampu ya dizilo chaka ndi chaka, ndi za injini yatsopano ya chaka chachisanu, zimalembedwa chonchi:

```
=PV(10%,15,-3200000)
=1800000/(1+10%)^5
```

Wina angafunse kuti 10 peresenti yachokera kuti, pomwe mitengo ya zinthu nthawi imeneyo inkakwera ndi 30 peresenti n'kupitirira pachaka, ndipo kwacha inali itangogwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Yankho ndi loti mitengo yonse m'mawerengero anga ndi ya 2024 ndipo sindinaikweze chaka ndi chaka. Ndinatenga kuti dizilo, sipeya, malipiro ndi tomato zidzakwerera limodzi. Ukasiya mitengo osaikweza, chiwongoladzanja chomwe ukugwiritsa ntchito chiyeneranso kukhala chotsala utachotsa kukwera mitengoko. Cholakwa chomwe ndimachiona kawirikawiri ndicho kutenga mitengo ya lero osaikweza, n'kuichepetsa ndi chiwongoladzanja chonse cha kubanki. Ukatero ndalama zonse za mtsogolo zimaoneka ngati fumbi, ndipo makina otchipa pogula amapambana nthawi zonse.

Zimene pampu iliyonse imadya

Pa dizilo, zogula poyamba zinali pampu, payipi yokokera madzi, kangolo konyamulira, mapaipi ndi kuyeza kuja, zonse K5 miliyoni. Pachaka imamwa malita 900, omwe ndi K2.46 miliyoni. Oyilo, mafyuluta ndi zokonzakonza ndinaziika pa K350,000, chifukwa injini zazing'onozi zimafuna kusintha oyilo pafupipafupi, makamaka pa fumbi la m'chilimwe. Ndinawonjezera K150,000 ya kabaza wokatenga dizilo kumalo ogulitsira mafuta, omwe ali kutali ndi mudziwo, ndi K240,000 ya munthu woyendetsa injini ndi kuibweza kumudzi madzulo. Zonse K3.2 miliyoni pachaka. Injini yatsopano imafunika chaka chachisanu ndi cha 10.

Pa sola panafunika mapanelo 10 a mawati 400, pampu ndi kontirola yake, kabokosi kowongolera magetsi ochoka ku mapanelo kupita ku pampu. Zindikirani kuti paipi yaikulu ija inathandizanso kuno: ndi paipi ya 63 mapanelo akanafunika kuwirikiza kawiri. Pamwamba pa K13 miliyoni ya kotesheni ndinaikapo mpanda ndi zitsulo zowotcherera mapanelo, K1.2 miliyoni, zomwe wogulitsa sanalembe. Pamodzi ndi mapaipi ndi kuyeza, zinakwana K17 miliyoni. Kontirola ndinaiwerengera kusinthidwa chaka cha 8 pa K1.5 miliyoni, pampu chaka cha 10 pa K3 miliyoni.

Anthu amakonda kunena kuti sola ukagula wagula, dzuwa salipira. Dzuwa salipiradi, koma mapanelo sungawanyamule madzulo ngati injini. Amagona kumunda chaka chonse, ngakhale m'dzinja pamene sakugwira ntchito, ndipo akuba amawafuna. Mlonda wa K90,000 pamwezi ndi K1.08 miliyoni pachaka. Kuphatikiza kupukuta mapanelo ndi kuitana katswiri kudzayendera, zinafika K1.3 miliyoni. Nditatchula zimenezi a tcheya anaseka n'kuti, "Walira mvula walira matope."

Wogulitsa sola anafunanso kuwonjezera mabatire kuti azitha kuthirira usiku. Ndinakana. Mabatire a mtovu pa ntchito yotere ndi kutentha kwa kuno amafuna kusinthidwa pakatha zaka zitatu kapena zinayi, ndiye m'zaka 15 akanagulidwa kanayi kapena kasanu. Madzi onse ofunika akanatha kupopedwa dzuwa likuwala.

Potaya

Gawo ili m'ndalama ndi laling'ono. Injini yakutha ogula zitsulo angaitenge pa K100,000, ndipo injini zitatu zikachepetsedwa kufika ku mtengo wa lero zimangobweza pafupifupi K100,000 yomweyo. Mapanelo pa chaka cha 15 adzakhala akugwirabe ntchito. Ndinawaika pa K1 miliyoni, kuchotsapo K300,000 yomasula ndi kunyamula, ndipo lero zimenezo zimalemera K200,000 basi. Chilichonse chochitika patali chotero chimachepa kwambiri m'mawerengero amtunduwu, ndipo uku n'kufooka kwake komwe wowerengera ayenera kukudziwa.

N'chifukwa chake zina ndinazilemba m'mawu osati m'manambala. Oyilo wakutha wa injini nthawi zambiri amakhuthulidwa pompo pamene injini yaima, pamtunda wa mapazi ochepa kuchoka pamadzi omwe anthu akumunsi amatunga. Ena amamupaka pa mitengo kuti chiswe chisadye, komabe wambiri amathera m'nthaka. Mabatire akutha amaswedwa ndi ofuna mtovu, asidi n'kutayidwa pansi pomwe ana amasewera. Gululo silikanalandira bilu ya zimenezi, koma wina akanalipira. Ndinaika m'lipoti kuti akasankha dizilo asunge mgolo wotsekeka wa oyilo wakutha, ndipo nkhani ya mtovu inali chifukwa chachiwiri chokanira mabatire.

Zotsatira

| Mamiliyoni a kwacha, pa mtengo wa lero | Dizilo | Sola |
|---|---|---|
| Kuyeza, kugula ndi kuyika | 5.0 | 17.0 |
| Kuyendetsa kwa zaka 15 | 24.3 | 9.9 |
| Kusintha zida | 1.8 | 1.9 |
| Zobwerera potaya | -0.1 | -0.2 |
| Zonse | 31.0 | 28.6 |

Pa malita 1,000 alionse ofika kumunda, dizilo ankatuluka K170, sola K157. Zomwe alimi ankafuna kugula poyamba, dizilo ndi paipi yaing'ono, zinkapitirira K50 miliyoni.

Sola inapambana, koma ndi K2.4 miliyoni yokha pa ndalama pafupifupi K30 miliyoni. Kusiyana kochepa chonchi sindingakuimire ndi mtima wonse, chifukwa manambala ambiri m'tebuloyi ndi ongoyerekeza. Ndiye ndinayamba kusintha nambala imodzi imodzi kuti ndione imene ingatembenuze yankho. Kufupikitsa moyo wa kontirola ndi zaka zitatu sikunasinthe wopambana. Mtengo wa zitsulo zakutha unalibe mphamvu iliyonse. Zinthu ziwiri zokha ndizo zinali ndi mphamvu.

Choyamba ndi masiku opopa. Pampu ya dizilo ikaima siidya kanthu, pomwe ya sola ndalama zake zambiri zinapita kale ndipo mlonda amalipidwa kaya ikupopa kaya ayi. Tsiku lililonse lopopa ndi dizilo limadya pafupifupi K21,000. Ndinapeza kuti mapampu awiriwa amafanana pa masiku 135 pachaka. Alimi akangolima mbewu imodzi ya m'chilimwe, masiku 100, dizilo amatsika kufika pa K23 miliyoni ndipo sola imakhala kuwononga ndalama. Akalima kawiri mokwanira n'kufika masiku 200, dizilo amakwera kufika pafupifupi K39 miliyoni pomwe sola siisuntha.

Chachiwiri ndi mtengo wa ndalama yogulira. Pa 10 peresenti sola ili patsogolo. Pakati pa 13 ndi 14 peresenti zimafanana. Pa 20 peresenti dizilo amapambana ndi K3 miliyoni. Tanthauzo lake n'loti gulu lomwe lingakongole K12 miliyoni yowonjezerayo pa chiwongoladzanja chokwera siliyenera kugula sola pa munda wotere, ngakhale wogulitsa anene zotani.

Nditabwerera ku gululo sindinawauze kuti gulani iyi. Ndinawafunsa mafunso awiri: kodi mulimadi kawiri chilimwe chilichonse, ndipo ndalama muzitenga kuti? Pa funso loyamba panali mkangano weniweni. Abambo ena anati mbewu yachiwiri imakumana ndi ntchito yopanga mizere kumunda wa m'dzinja. Amayi ambiri anati tomato wa mu Novembala ndi amene amagula feteleza, ndipo chimene chinkawaletsa ndi madzi basi. Anagwirizana kulemba m'malamulo a gulu kuti amene sadzala kachiwiri abwereketse gawo lake kwa mnzake nyengo imeneyo. Pa funso lachiwiri, anali ndi mwayi wa thandizo lolipira gawo lalikulu la zida za ulimi wamthirira, iwo n'kusonkha zotsalazo. M'tebulo ndinasiyamo mtengo wonse, chifukwa thandizo silichepetsa mtengo wa makina, limangosintha wolipira. Koma linachotsa vuto la ngongole yodula. Anasankha sola, ndipo ulonda anagawana okha mosinthana usiku, zomwe zinachepetsa ndalama zotuluka m'thumba ngakhale tulo tawo tili ndi mtengo wake.

Zomwe chilimwe choyamba chinaonetsa

Ndinawasiyira kope loti azilemba tsiku lililonse lomwe pampu yagwira ntchito, ndi masekondi odzazira mgolo kamodzi pamlungu. Pofika mvula yoyamba munali masiku 162, kupitirira malire aja a 135.

Mawerengero anga anaphonya zinthu ziwiri. Choyamba chinakomera sola. Chakumapeto kwa 2024 mafuta anasowa m'dziko muno, magalimoto n'kumagona pamizere. Alimi oyandikana nawo a mapampu a injini ankagula wa m'zigubu pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo masiku ena sankamupeza n'komwe, tomato ali pa maluwa. Ine ndinawerengera dizilo ngati chinthu chopezeka nthawi zonse pa mtengo wa boma. Tsopano ndimaika mzere wa masiku osowa mafuta ndi mbewu yomwe ingafe, ngakhale nambala yake ikhale yongoyerekeza, chifukwa kuusiya n'kunena kuti ndi ziro.

Chachiwiri chinali cholakwa changa ndipo chinapweteka sola. Mu Okutobala masekondi a m'kope anayamba kukwera, kuchoka pa 28 kufika pa 36. Anapukuta mapanelo koma sizinasinthe. Titatulutsa pampu tinapeza sefa itatsekeka theka ndi mchenga, ndipo mapiko a mkati anali atayamba kudyeka. Mtsinje utaphwera, pampu inatsala pafupi kwambiri ndi pansi n'kumakoka mchenga. Ndinayeza chitunda mosamala koma sindinaganizire mokwanira za pokokera madzi. Tinakumba chitsime chaching'ono m'mbali mwa mtsinje, cha mphete za simenti zozunguliridwa ndi miyala, kuti madzi azisefeka asanafike pa pampu. Chinadya K600,000 yomwe munalibe m'tebulo. Ndinafupikitsanso moyo wa pampuyo kuchoka pa zaka 10 kufika pa 8, zomwe zinawonjezera pafupifupi K250,000 pa mtengo wa lero. Pa masiku 150 aja, kutsogola kwa sola kunatsika kufika pa K1.5 miliyoni. Pa masiku 162 omwe anapopadi, kuli pafupifupi K3.5 miliyoni.

Chomwe chikundidetsa nkhawa tsopano ndi chaka cha 8. Dizilo amakumbutsa mwini wake tsiku ndi tsiku kuti makina amadya ndalama. Sola imakhala chete zaka zambiri, kenako n'kufuna K4.5 miliyoni nthawi imodzi ya pampu ndi kontirola, ndipo mapampu ambiri a sola omwe ndawapeza atangokhala anaimira pamenepa. Kugawa ndalamayi pa zaka 8 ndi alimi 20 kumapereka pafupifupi K28,000 pa munthu pachaka, pa mitengo ya 2024. Amayi osunga chuma anakana kuisunga ngati kwacha m'bokosi, poti zida zimenezi zimagulidwa kunja ndipo mtengo wake umatsata dola. Anakonza zoti chaka chilichonse mu Epulo azikafunsa mtengo watsopano wa pampu ndi kontirola n'kukweza chopereka molingana, ndipo ndalamayo izizungulira mu banki m'khonde ya gululo m'buku lakelake, lomwe saloledwa kubwerekamo za maliro kapena za feteleza.